Andisankha kukalankhula potsanzikana ndi wopuma pa ntchito, masamba 4 ndalemba koma akuti zikumveka ngati za pamanda

Membala wobisa dzina

Muli bwanji nonse pa gulu. A adimini chonde dzina langa lisaoneke, anzanga ena a ku ntchito ali momuno. Lachisanu likubwerali tikutsanzikana ndi munthu wina wamkulu amene akupuma pa ntchito, wagwira zaka zoposa 30. Dzulo madzulo nditanyamula kale chikwama kuti ndikakwere basi ya ku Chilenje, bwana andiitana n'kundiuza kuti ineyo ndi amene ndikalankhule m'malo mwa antchito onse. Ine! Mu komiti tilimo anthu 6 ndipo okonda maiki timawadziwa. Pa zopereka ndine ndayenda desiki ndi desiki kutolera ma K150, ena mpaka lero akuti "ndikutumizira pa foni", koma pa tsikulo adzakhala oyamba pa mzere wa nkhuku. Ya keke ndawonjezera ya m'thumba mwanga. Chitenje choti tonse tivale ndinakagula ndekha ku Kamwala dzuwa lili paliwombo, wina n'kumati mtundu wake ngwa pamaliro. Telala nayenso wasiya kuyankha foni.

Ndalemba kale masamba 4. Ndayamba ndi mbiri ya kampani, kenako ndalemba kuti ndi munthu wolimbikira, wokhulupirika, wodzichepetsa, wosunga nthawi, woopa Mulungu. Usiku ndimawerengera abambo a kunyumba, agona ndisanafike tsamba lachitatu, podzuka akuti zikumveka ngati ndikulankhula pamanda. Bwana anati ikhale yogwira mtima koma isatalike. Ziwirizi zimakhalira pamodzi bwanji? Ndithandizeni, tulo sindikuliona.

Tcheyamani Wopuma wa ku Matero

Mwana wanga, masamba 4 ndi ochepa. Munthu wapereka zaka 30 za moyo wake, iwe ukufuna kumutsanzika ngati ukutsika basi? Vuto la ana a masiku ano ndi limeneli, zonse mwachangu. Choyamba ndi ulemu kwa akuluakulu. Utchule mlendo wolemekezeka, a bodi mmodzimmodzi, mabwana monga mwa maudindo awo, abusa ngati alipo, a yuniyoni, abale. Ukalumpha mmodzi udzamva Lolemba. Ine pa mwambo wanga wolankhula anatenga mphindi 40 ndipo palibe anadandaula.

Mnyamata wa Kabwata

Palibe anadandaula chifukwa onse anali mtulo, a Tcheyamani.

Tcheyamani Wopuma wa ku Matero

Iwe ndinayamba ntchito a Kaunda ali pa mpando, bambo ako asanamere ndevu. Khala chete akulu akamalankhula.

Amayi a Mapasa

Pepani kwambiri ndi zovutazi asisi, Mulungu akutonthozeni. Pa mbiri ya malemu musaiwale kutchula ana ndi zidzukulu zimene asiya.

Mnyamata wa Kabwata

Amayi, munthuyo ali moyo! Akungopuma pa ntchito. Koma mwatsimikizira zimene ananena amuna awo.

Amayi a Mapasa

Ayi ine ndinangoona mawu oti pamanda ndi chitenje cha pamaliro. Pepani.

Mlembi Wakale, Woodlands

Asisi, mwatiuza za telala, za keke ndi za ma K150, koma munthuyo simunatiuze. Ndi bambo kapena mayi? Amagwira ntchito yanji? Akupatsani mphindi zingati, ndipo olankhula ena ndi ndani? Ndinakhala mlembi wa mabwana zaka zambiri ndipo mawu otsanzikana ndalemba osawerengeka. Popanda mayankho amenewa aliyense pano akungoponya mwala mumdima.

Chimodzi ndinganene pompano. Mawu anu aja, wolimbikira, wokhulupirika, wodzichepetsa, tengani pepala lanu mufufute dzina lake mulembepo la mlonda wa pa geti kapena la bwana wamkulu. Ngati zikumvekabe bwino, ndiye kuti simunanene kanthu za iyeyo. N'chifukwa chake amuna anu amva za pamanda, pamaliro ndi pamene aliyense amasanduka wodzichepetsa.

Wolira Penshoni

Ine musandiuze za masipichi. Anandilankhulira zokoma, ena mpaka misozi, anandipatsa wotchi ya pakhoma ndi satifiketi ya mu galasi. Ndalama zanga zopumira ndinaziyendera miyezi 14, nsapato zinatha. Wotchi ija inaima mwezi wachiwiri. Mukamuuze munthuyo kuti asadye keke asanaone kalata yolemba ndalama zake.

Tcheyamani Wopuma wa ku Matero

Apo mwalasa. Ndipo akaone ngati kampani inkaperekadi ku NAPSA mwezi ndi mwezi. Munthu wa zaka zoposa 30 pa ntchito anayamba nthawi ya ZNPF, NAPSA inayamba mu 2000. Atenge sitetimenti aone ngati palibe miyezi yodumpha. Zimenezi uziike mu sipichi, mwana wanga, mabwana amve pamaso pa anthu.

Mlembi Wakale, Woodlands

Za sitetimenti ndi malangizo abwino, koma a pambali, osati pa maiki. Mukufuna mtsikanayu apume limodzi ndi wopumayo?

Membala wobisa dzina

Pepani ndinaiwala. Ndi abambo, adalaivala athu, akwanitsa zaka 60. Pa pulogalamu pali pemphero, a ofesi yoona za antchito, a yuniyoni, ine, bwana wamkulu, kenako iwowo. Woyendetsa mwambo wati aliyense mphindi 3. Ine ndili ku akaunti ndipo ndagwirapo zaka 2 zokha, moti kunena zoona sindiwadziwa kwenikweni. Timangopatsana moni akabweretsa malisiti a mafuta. Akazi awo ndi ana akubwera kuchokera ku Mtendere.

Mnyamata wa Kabwata

Mphindi 3 ndi masamba 4! Mukawerenga ngati wolengeza mpira pa wailesi.

Mbuya Wanu wa ku Kasama

Funso langa ndi limodzi. Mudalayo ndi wa kwanu kum'mawa kapena ndi wathu? Ngati ndi wa kum'mawa, mphatso musavutike, mugulireni khasu ndi misampha akakumbe mbewa ku Katete. Sipichi yonse ndi imeneyo, mphindi imodzi yakwana.

Nasibeko wa Chawama

Inu a mbuya mwatuluka m'tchire liti? Anyani atha ku Kasama?

Mlembi Wakale, Woodlands

Tsopano tayamba kuona njira. Mbiri ya kampani ichoke yonse, imeneyo ndi ya bwana wamkulu. Chaka chimene analembedwa ndi magiredi amene anakwera adzanena a ofesi yoona za antchito, ndipo akulankhula inu musanaimirire, mukabwereza anthu ayamba kuyang'ana mafoni. Maudindo a alendo adzakhala atatchulidwa kale kawiri, inu chiganizo chimodzi chakwana. Chimene akuikirani pa pulogalamu ndi chimene enawo sangathe: kunena mmene bamboyu analili kwa ife okwera galimoto yake.

Tsamba limodzi lotayipa ine limanditengera mphindi 3 mpaka 4 ndikamawerenga mosathamanga, ndiye masamba anu 4 ndi pafupifupi kotala ya ola. Mukufunika osakwana tsamba limodzi. Ndipo Chinyanja chimadya nthawi kuposa mmene chimaonekera pa pepala, mawu athu ndi aatali.

Zoti simuwadziwa si vuto. Mawa pa nkhomaliro musapite kwa mabwana. Pitani kwa mlonda, kwa amayi okonza mu ofesi, kwa makanika amene amakonza magalimoto anu, ndi kwa munthu amene wakhalitsa kuposa onse. Musafunse kuti "ndi munthu wotani", adzakuyankhani kuti ndi wabwino basi. Funsani kuti "ndi tsiku liti limene simudzaliiwala muli nawo pa ulendo?" ndi kuti "amakonda kunena chiyani?" Mupeza nkhani zisanu. Musankhe imodzi, ina yaing'ono yoseketsa ngati ilipo, zotsalazo mulembe mu khadi.

Mphunzitsi wa Sande Sukulu

Ine ndikuona kuti njira yachidule ndi ndakatulo. Tengani dzina lawo, chilembo chilichonse chiimire khalidwe lawo. Ngati muli M, ndiye Mtendere, ngati muli C, Chikondi. Anthu amaombera m'manja kwambiri. Muyambe ndi vesi, mumalize ndi vesi, pakati muonetse zithunzi pa khoma.

Mlembi Wakale, Woodlands

Vesi limodzi kumapeto ndi labwino ngati iwowo ndi opemphera. Koma za zilembozo tabwereranso ku wodzichepetsa uja, kungoti tamufoletsa pa mzere. Zithunzi zizioneka anthu akudya. Mukaziika pakati pa mawu anu, magetsi akathima kapena chingwe chikakana, mudzaima ndi maiki m'manja mukudikira mnyamata wa makompyuta.

Tcheyamani Wopuma wa ku Matero

Mphindi 3 kwa dalaivala, koma akanakhala manejala mukanapanga lendi holo. Ndikudziwa zimenezi ine. Ndipo ndani wanena kuti mdalayo akufuna kupita? Lamulo linasintha mu 2015. Kale tinkapuma pa 55, pano ndi 60, ndipo munthu akhoza kupempha kufika 65 ngati olemba ntchito avomera. Mwamufunsa ngati anapempha? Mwina mukuvina pamene mwini wake akulira.

Membala wobisa dzina

A Tcheyamani apa mwanena zoona. Ndamva kuti anapempha zaka zina ziwiri chifukwa mwana wawo womaliza ali ku koleji, koma anawakanira. Ena akuti ndi nkhani ya maso, usiku saona bwino. Ine pa tsamba lomaliza ndinalemba kuti "tsopano mukapume, mukasewere ndi zidzukulu, mwatopa."

Mlembi Wakale, Woodlands

Mwaona, chinthu chachikulu chimenechi mumachisunga kuti? Chiganizo chimenecho chichoke lero lomwe. Munthu amene anapempha kupitiriza ukamuuza pagulu kuti watopa, wamutukwana akazi ake akumva. Za maso musatchule, za ukalamba musaseke, zoti abwerere kumudzi musanene pokhapokha iwowo atanena okha kuti ndiko akupita. Ambiri a Mtendere ndi kwawo komweko, nyumba anamanga. Inu nenani zimene achita ndi zimene zitisowe. Za mawa lawo asiyireni eni ake, akulankhula pomaliza.

Dalaivala wa Mathiraki

Monga dalaivala mnzawo ndipemphe chimodzi. Musanene kuti "zaka zonsezi sanachitepo ngozi" musanafunse. Pa mwambo wa mnzathu wina bwana ananena zimenezo, holo yonse inangoti zii chifukwa tonse timadziwa za ng'ombe imene anagunda ku Mumbwa. Ngati ndi zoona nenani, kwa dalaivala palibe ulemu woposa umenewo. Ngati simukudziwa, siyani. Ndipo nthabwala zoti madalaivala ali ndi banja tauni iliyonse, amayi ali pompo, chonde ayi.

Mbuya Wanu wa ku Kasama

Ndiye mwachotsa zonse zokoma. Tidzaseka chiyani?

Nasibeko wa Chawama

Ine mlamu wanga atapuma anamupatsa wilibala ndi malata 10, mpaka lero amawadalitsa. Inu mwagula chiyani? Musagule suti, adzaivala kuti?

Wolira Penshoni

Bola malata. Wotchi ayi.

Membala wobisa dzina

Ndabwerako. Ndachita zimene munanena amayi a ku Woodlands, ndipo ndadzimvera chisoni kuti zaka 2 ndimangolandira malisiti osadziwa munthu. Ngozi anachitapo imodzi yaing'ono kalekale, ndiye zimenezo ndasiya. Mlonda akuti amafika 6 koloko isanakwane, amatsegula boneti, kuona oyilo ndi madzi, kuzungulira matayala onse akuwamenya ndi kachitsulo, ngakhale galimoto itachokera ku sevisi dzulo lake. Ndipo salola kuliza injini wina asanamange lamba, ngakhale bwana wamkulu. Amangokhala phee manja pa chiwongolero n'kunena kuti "galimoto iyi siimva bwino, imadikira lamba." Aliyense ku ofesi amawadziwa mawu amenewa.

Amayi okonza mu ofesi andiuza iyi mpaka analira. Amayi awo atamwalira ku Katete nthawi ya mvula, kampani inapereka minibasi. Atawoloka mlatho wa Luangwa, chakufupi ndi Kacholola, usiku, fanibeluti inaduka. Malo opanda netiweki, anthu 14 m'galimoto. Abambowa anatulutsa fanibeluti yatsopano pansi pa mpando wawo, anamanga ndi tochi ya pa foni mvula ikuwakwapula, anafika ku Katete mwambo usanayambe. Kenako m'malo mokagona mu galimoto anatenga fosholo kukathandiza adzukulu kumanda. Makanika akuti lamba wa injini ameneyo abambowa anagula ndi ndalama zawo chifukwa a ku akaunti a nthawi imeneyo anakana kuti n'kuwononga ndalama kugula chinthu chisanawonongeke.

Koma pabuka vuto lina. Iwowo akuti anayamba mu 1993, zaka 32. Fayilo ikuti 1996, zaka 29, chifukwa zaka zitatu zoyamba anali waganyu. Ndinene ziti?

Tcheyamani Wopuma wa ku Matero

Nena 32! Ndipo unene za lamba anakana kugulayo, mabwana achite manyazi. Zaka zitatu akufuna kumubera poyera. Ife nthawi yathu bwenzi titaimitsa ntchito.

Wa ku Ofesi ya Antchito (osati yanu)

Samalani asisi. Anzanga a ofesi ngati yanga adzanena 29 mphindi zochepa inu musanaimirire. Inu mukati 32 ndiye mwatsutsana pagulu, ndipo ngati pali mkangano wa ndalama mwaulowa osadziwa. Kambiranani nawo Lachinayi kuti nonse munene chimodzi.

Mlembi Wakale, Woodlands

Ine sindingawerenge zaka n'komwe. Ndinganene kuti "analowa pa geti lathu koyamba mu 1993", zimene ndi zoona kwa onse awiri, owerenga awerenge okha. Koma kuwadziwitsa a ofesiyo musanalankhule, apo ndikuvomereza.

Nkhani ya Kacholola ndiyo sipichi yanu. Kaye mukapemphe amayi aja ngati alola kuti maliro a amayi awo atchulidwe pagulu, ndipo muwafunse ngati dzina lawo limveke. Zoti a ku akaunti anakana zichoke, tsikulo ndi la bamboyo, si la milandu. Mukhoza kunena kuti lambayo anagula okha, womva amva.

Ndipo inu mwakhala mukunena kuti mumangolandira malisiti. Malisitiwo amabwera bwanji?

Membala wobisa dzina

Amabwera mu envelopu, atawasanja motsata madeti, kumbuyo kwa lililonse atalemba makilomita. Chenji chimakhala momwemo ngakhale K2. Ena onse ndimachita kuwathamangitsa mwezi wathunthu. Sindinaganize kuti zimenezi n'zonena pa mwambo.

Mlembi Wakale, Woodlands

Zimenezo ndiye zanuzanu, palibe wina angazinene. Mawu oti wokhulupirika simuwafunanso, K2 ija yanena kale. Ndikanakhala inu ndikanayala chonchi, mukonze m'kamwa mwanu:

"Akuluakulu nonse monga mwatchulidwa kale, amayi ndi ana ochokera ku Mtendere, anzanga. Ine ndine wa ku akaunti, ndipo abambo athuwa ndimawadziwira mu envelopu. Mwezi uliwonse imabwera, malisiti ali pa mzere, makilomita kumbuyo, chenji chili momwemo ngakhale K2. Analowa pa geti lathu koyamba mu 1993, ena tili pano tisanayambe sukulu, ndipo kuyambira pamenepo palibe wakwera galimoto yawo osamva kuti galimoto iyi siimva bwino, imadikira chiyani?"

Apa muime, anthu ayankha okha kuti lamba, aseka. Musawadule, dikirani kuseka kuthe. Kenako mutsitse mawu munene za Kacholola mwachidule: mvula, usiku, anthu 14, lamba wa pansi pa mpando amene anagula okha, fosholo kumanda. Ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, osafotokozera anthu tanthauzo lake. Mukatero mutembenukire kwa amayi muwathokoze chifukwa cha mausiku onse amene anagona okha ife titawatengera amuna awo ku maulendo. Pomaliza muyang'ane iwowo, osati pepala, muwatchule mmene mumawatchulira masiku onse: "Bambo, Lolemba tidzakwera galimoto, tidzamanga lamba popanda wotiuza, ndipo tidzakukumbukirani. Zikomo potifikitsa." Mukhale pansi. Musawonjezere "pomaliza penipeni".

Muyeseze katatu mokweza mawu, wotchi ya pa foni ikuyenda. Kunyumba zikwane mphindi 2 ndi theka, chifukwa kuseka ndi kuombera m'manja zidzadya theka linalo. Mulembe zilembo zikuluzikulu pa pepala lolimba, pepala lopyapyala limaonetsa manja akamanjenjemera.

Mnyamata wa Kabwata

Koma mabwana ena samva Chinyanja. Sazati mwawanyoza?

Mlembi Wakale, Woodlands

Moni apereke m'Chingerezi, nkhani ya lamba ndi ya Kacholola m'chinenero chimene iwowo ndi akazi awo amalankhula kunyumba. Mu Lusaka muno bwana amene samva ngakhale pang'ono ali ndi womunong'oneza pambali.

Wa ku Ofesi ya Antchito (osati yanu)

Apo sindikuvomereza. Mwambo wa kampani ndi wa kampani. Afunse kaye bwana amene wawatuma.

Tcheyamani Wopuma wa ku Matero

Zonsezi ndi zabwino koma mwasiya a bodi. Ndipo mbiri ya munthu imayambira kumene anabadwira, mfumu yake, sukulu imene anaphunzira. Munthu si fanibeluti. Mwana wanga nditumizire nambala ku inibokosi ndikulembere ine yeniyeni, ndili nayo imene ndinalankhula mu 2009, ungosinthamo dzina.

Mnyamata wa Kabwata

Ungosinthamo dzina, a Tcheyamani? Werengani ndemanga yoyamba ya amayi a ku Woodlands.

Mbuya Wanu wa ku Kasama

Funso langa simunayankhe mpaka pano. Mudalayo ndi wa kuti?

Membala wobisa dzina

Ndi wa ku Petauke, a mbuya, ndipo pa mwambo simukuitanidwa. Amayi aja alola nkhani ya maliro koma akuti dzina lawo ndisatchule. Ndayeseza yatenga mphindi 3 ndi masekondi 20, ndikuona ngati ndichotse za mlonda ndi matayala zimene ndinawonjezera, koma zikundiwawa. A ofesi yoona za antchito akuti ayankha mawa za 1993. Telala wayankha foni, akuti chitenje chachepa. Alipo akudziwa telala wachangu chakufupi ndi Chilenje?

Wolira Penshoni

Mphatso mwagula chiyani? Mukungozemba.